Khutu likakana kuuma, tisaope opaleshoni

Pa mafunso amene amafika ku pulogalamu yathu ya zaumoyo, pali limodzi limene silitha mwezi lisanabwerenso. Limachokera ku Domwe, ku Tsangano, ku Zobwe ngakhale kwa abale athu a tsidya la Dedza ndi Ntcheu. Mawu amasiyana koma nkhani ndi imodzi: "Mwana wanga khutu lake limatuluka mafinya onunkha. Tapita kuchipatala kambirimbiri, mankhwala tamwetsa, odonthezera tadontheza, koma silikuuma. Titani?"

Lero ndikufuna kunena maganizo anga mosabisa. M'midzi mwathu tinazolowera khutu la mafinya mpaka tinasiya kuliona ngati matenda. Timati ndi za ana, adzasiya akakula. Makutu ambiri amaumadi ndi mankhwala, zimenezo n'zoona. Koma pali mtundu wina wa khutu la mafinya umene sungachire ndi botolo lililonse, ngakhale mutagula lodula chotani. Khutu limeneli limafuna opaleshoni, ndipo banja likazengereza, mwana amatha kugontha, kupotoka nkhope, mwinanso kumwalira. Ndikunena izi ngati munthu amene anazengerezapo.

Zimene zinachitika m'banja mwathu

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anayamba kutuluka mafinya kukhutu lamanja ali ndi zaka 8. Sanali mafinya ambiri ayi. Kanali kachinyezi chabe kamene kankadetsa mtsamiro, koma fungo lake linali loipa ngati la chinthu chowola. Sankalira, sankatentha thupi, ankapita kusukulu ndiponso kukaweta mbuzi ngati anzake. Ine monga malume wake ndinkafunsa mwa apo ndi apo, ndipo mlongo wanga ankayankha kuti, "Achimwene, bola sakumva kupweteka."

Pa zaka 6 zotsatira anapita naye kuzipatala zazing'ono za mbali zonse ziwiri za malire. Nthawi zambiri ankabwerako ndi makapisozi a amokisisilini, nthawi zina ndi kabotolo kodonthezera. Fungo linkachepa sabata ziwiri kapena zitatu, kenako n'kubwerera. Mwanayo anayamba kutembenuza mutu pomvetsera, kuti khutu lamanzere ndilo liloze kwa woyankhula. Aphunzitsi anati ndi wamwano chifukwa sankayankha akamuitana kuchokera kumanja.

Ali ndi zaka 14 mafinya anayamba kusakanikirana ndi magazi, ndipo m'khutu munaoneka kanyama kofiira. Agogo ake anafuna kukatola ndi kamtengo, mwamwayi mwana anakana. Chaka chotsatira anayamba kudandaula chizungulire akamapukuta khutulo. Tsiku lina m'mawa akumwa phala, linkatayikira kumbali yamanja ya kamwa, ndipo diso lamanja silinkatsinzina bwino. Anandiuza kuti, "Amalume, nkhope yanga ikulemera mbali imodzi." Ena pamudzi anayamba kale kutchula mayina a anthu amene amulodza.

Tsiku limenelo namwino amene tinamupeza anatenga katochi koonera m'khutu, anapukuta mafinya, nayang'ana nthawi yaitali. Kenako analemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba dzina la matendawa: kolesiteyatoma.

Khungu limene lasochera

Dzinali ndi lalitali koma nkhani yake ndi yosavuta kumva. Khutu lili ngati nyumba ya zipinda zitatu. Chipinda choyamba ndi kanjira kamene timakaona kunjaku, kotalika masentimita awiri ndi theka. Kumapeto kwa kanjirako kuli nembanemba yopyapyala, yokula pafupifupi sentimita imodzi, imene imanjenjemera mawu akaigunda monga chikopa cha ng'oma. Kuseri kwa nembanembayo kuli chipinda chachiwiri, chodzaza mpweya, m'mene muli timafupa titatu tolumikizana tonyamula mawu. Chipinda chachitatu chili m'kati mwa fupa lolimba, ndipo ndicho chimasandutsa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Ndichonso chimatithandiza kuima ndi kuyenda osadzandira.

Kanjira ka kunja kaja kali ndi khungu, ndipo khungu lililonse limafundula. Mukadzikanda pamwendo nthawi ya chilimwe mumaona timamba toyera tikugwa. M'khutu labwino khungu lakufalo limayenda lokha pang'onopang'ono kutulukira kunja limodzi ndi phula la m'khutu. Koma chipinda chachiwiri sichinapangidwe kuti mukhale khungu. Likalowamo, limapitiriza kufundula monga mwa chikhalidwe chake, koma zofundukazo zilibe potulukira. Zimaunjikana, gawo pamwamba pa gawo ngati makoko a anyezi, n'kupanga kathumba koyera kamene kamakula mwezi ndi mwezi. Kathumba kameneka ndiye kolesiteyatoma.

Khungulo limalowa bwanji? Njira yodziwika kwambiri ndi iyi. Chipinda chachiwiri chimalandira mpweya kudzera m'kapaipi kochokera kuseri kwa mphuno. N'chifukwa chake makutu amatseguka mukameza malovu galimoto ikamatsika mapiri kupita ku Tete. Kwa ana amene amadwala chimfine ndi makutu pafupipafupi, kapaipi aka sikatseguka bwino. Mpweya umachepa m'katimo, ndipo nembanemba imakokedwera m'kati, makamaka cha kumwamba kumene ili yofewa. Pamapangika kadzenje, kadzenjeko kamazama n'kusanduka thumba. Njira ina ndi pamene nembanemba yabooka cha m'mphepete, ndipo khungu la kunja limakwawira m'kati kudzera pabowolo. Aliponso ana owerengeka amene amabadwa nako kathumbaka kuseri kwa nembanemba yosabooka.

Pano ndifuna kuchotsa mantha ena. Kolesiteyatoma si khansa. Dzinali analipereka ndi dokotala wa ku Jeremani, Johannes Müller, mu 1838, ndipo limamveka ngati dzina la chotupa, koma ndi khungu wamba limene lili pamalo olakwika. Silifalikira m'mapapo kapena m'chiwindi. Si matenda opatsirana, ndipo mwana wotere asamasalidwe kusukulu kapena pa mbale ya nsima.

Kuopsa kwake kuli pa malo amene lakhala. Thumbalo likamakula limadya fupa limene laligunda, monga chiswe chimadyera mtanda wa denga m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Choyamba kudyeka kawirikawiri ndi kafupa ka pakati pa timafupa titatu tija, ndipo munthu amayamba kusamva. M'khoma la chipinda chomwecho mumadutsa mtsempha umene umayendetsa nkhope: wotsinzinitsa diso, womwetulitsa, wotseka milomo. Fupa louphimba likadyeka, nkhope imagwa mbali imodzi, monga zinachitikira mphwanga. Likaboola khoma la chipinda chachitatu, munthu amamva chizungulire ndipo khutu likhoza kuferatu. Pamwamba pa zonsezi pali denga la fupa lopyapyala kwambiri, ndipo pamwamba pa dengalo pagona ubongo. Tizilombo ta m'mafinya tikadutsa pamenepo timayambitsa matenda oumitsa khosi kapena chithupsa mu ubongo. Apa ndi pamene khutu limapha munthu.

Si khutu lililonse la mafinya

Ndisakuopsezeni mopitirira. Mwa anthu ambiri amene makutu awo amatuluka mafinya, ochuluka alibe kolesiteyatoma. Ali ndi bowo pakati pa nembanemba, lotsala pambuyo pa matenda a khutu a paubwana. Khutu lotere limatulutsa mafinya ambiri, onanda ngati mamina, kawirikawiri osanunkha kwambiri. Limayamba munthu akadwala chimfine kapena madzi akalowa posamba kumtsinje, ndipo likasamalidwa bwino limauma kwa miyezi.

Chisamaliro chake n'chodziwika. Khutu likatha masiku 14 likutuluka mafinya, azaumoyo amalangiza kulipukuta katatu patsiku ndi kansalu koyera kofewa kopotedwa ngati chingwe cha nyali. Mumalowetsa kansaluko pang'ono, kakanyowa mumachotsa n'kuika kena, mpaka katuluke kouma. Mukatero m'pamene mumadontheza mankhwala amene mwapatsidwa, kawirikawiri siprofulokisasini, kwa masiku 14. Kudontheza pamwamba pa mafinya n'kutaya mankhwala, chifukwa safika pamene pali vuto. Madzi asalowe m'khutumo. Nthenga ya nkhuku, machesi, mafuta ophikira ndi madzi a masamba zisayandikire. Musagulenso odonthezera pamsika, chifukwa ena mwa iwo akadutsa pabowo amatha kuwononga chipinda chachitatu chija.

Khutu la kolesiteyatoma limasiyana ndi limeneli pa zinthu zingapo zimene mayi aliyense angazione. Mafinya ake nthawi zambiri amakhala ochepa, koma fungo lake ndi loipa kwambiri, moti mumalimva mwana akangokhala pafupi. Sayembekeza chimfine kapena madzi, amangokhalapo. Nthawi zina amakhala ndi magazi kapena timamba toyera. Mukapukuta ndi kudontheza mokhulupirika masiku onse 14, khutu siliuma, kapena limauma pang'ono n'kuyambiranso. Kumva kumacheperachepera chaka ndi chaka. Ndipo chimene chimatipusitsa tonse n'chakuti nthawi zambiri silipweteka.

Wazaumoyo akayang'ana ndi katochi, amaona kuti bowo silili pakati koma kumwamba kapena m'mphepete mwa nembanemba, ndipo m'bowomo muli zoyera. Nthawi zina pamakhala kankhanambo kakang'ono kooneka ngati phula wamba, kamene kaphimba pakamwa pa thumba. Nthawi zina pamakhala kanyama kofiira kotchinga njira yonse. Kanyama kameneka kasamazulidwe kunyumba ngakhale pachipatala chopanda zida, chifukwa kakhoza kukhala kogwirana ndi timafupa kapena mtsempha wa nkhope.

Chifukwa chake mankhwala salichiza

Anthu ambiri amandifunsa kuti, ngati mankhwala amachepetsa fungo, bwanji osangopitiriza? Yankho lili m'chimene mankhwalawo amachita. Amokisisilini, siprofulokisasini ndi anzawo amapha tizilombo. Koma kolesiteyatoma si tizilombo, ndi khungu. Tizilombo timangobwera kudzadya khungu lakufa limene launjikana, ndipo nditimene timabweretsa fungo. Mukatipha, fungo limachepa, koma thumba likadali pomwepo ndipo likupitiriza kukula. Komanso m'kati mwa mulu wa khungu lakufa simuyenda magazi, choncho mankhwala akumwa kapena jakisoni safika pakati pake. Zili ngati kupopera ntchentche pakhomo pamene khoswe wakufa akadali kudenga.

Choncho kuuma kwa sabata zitatu kumene tinkakondwera nako m'banja mwathu sikunali kuchira. Kunali kungokhala chete kwa matenda. Zaka zonse zija fupa linali kudyeka.

Njira yokhayo yochotsera thumba lonse ndi opaleshoni. Pali anthu ochepa amene dokotala wa makutu angasankhe kusawachita, monga okalamba kwambiri kapena odwala mtima amene sangapirire mankhwala ogonetsa, makamaka ngati thumba ndi laling'ono ndipo likuoneka lonse mpaka pansi pake. Otere amawatsuka ndi kamakina koyamwa miyezi ingapo iliyonse kwa moyo wonse. Kumeneko n'kuchedwetsa matenda, osati kuwachotsa, ndipo woyenera kusankha zimenezo ndi dokotala amene waona m'khutumo, osati ife pakhonde.

Opaleshoniyo imayenda bwanji

Mantha ambiri amabwera chifukwa chosadziwa, choncho ndifotokoze zimene tinaona. Poyamba dokotala anatsuka khutu akuyang'ana ndi makina okulitsa zinthu. Kenako anayeza kumva: mwana anavala zomvera m'makutu, n'kumakweza dzanja akamva kulira. Anamujambulanso mutu ndi makina a sikani, amene amaonetsa fupa gawo ndi gawo. Chithunzi chinaonetsa kuti thumba ladzaza kumwamba kwa chipinda chachiwiri ndipo lalowa m'fupa la kuseri kwa khutu, lija limene mumaligwira mukaika chala kumbuyo kwa khutu. Fupa limeneli m'kati mwake lili ndi timabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo khungu limakonda kubisala m'timabowo timeneto.

Tsiku la opaleshoni wodwala sadya kuyambira usiku. Amamugoneka tulo ndi mankhwala, samva kanthu. Dokotala amacheka kuseri kwa khutu, pamzere umene pambuyo pake suoneka kwenikweni. Sang'amba mutu ndipo sakhudza ubongo, monga ena amanenera. Ndi kachida kozungulira amapala fupa pang'onopang'ono mpaka atafika pathumba, n'kulisenda lonse mosamala. Ntchitoyi imatenga maola awiri mpaka anayi, chifukwa akasiya kachidutswa ka khungu ngakhale kochepa ngati njere ya mawere, kamameranso. Pomaliza amatseka bowo la nembanemba ndi kachikopa kochokera m'thupi la wodwala yemweyo, pamwamba pa khutu, kapena kachichereche ka khutu lomwelo.

Pali njira ziwiri zazikulu. Pa njira yoyamba dokotala amasiya khoma la kanjira ka khutu lili chilili. Khutu limaoneka ngati lachibadwa ndipo likapola silivuta ndi madzi, koma zotsalira zikhoza kubisala kuseri kwa khomalo, choncho pakatha pafupifupi chaka pamafunika opaleshoni yachiwiri yokaona, kapena kujambulanso ndi makina apadera. Pa njira yachiwiri amagwetsa khomalo, n'kusandutsa kanjira ndi fupa la kuseri kukhala chipinda chimodzi chotseguka chimene chimaoneka chonse kuchokera kunja. Matenda sabwerera kawirikawiri, koma chipindacho sichidzitsuka chokha. Chimafuna kukatsukidwa kuchipatala kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo ambiri amauzidwa kupewa madzi moyo wonse. Mphwanga anamuchita njira yachiwiri, chifukwa matenda anali atakula komanso timakhala kutali. Muuzeni dokotala zoona za mtunda wanu ndi za m'thumba mwanu, chifukwa zimenezo zimamuthandiza kusankha.

Anakhala m'chipatala masiku ochepa mutu uli womangidwa. Nsalu ya mankhwala imene anaika m'khutu anaichotsa patatha sabata ziwiri. Kwa miyezi ingapo ankasamba atatseka khutu ndi thonje lopaka vaselini, ndipo anamuletsa kumina mwamphamvu, kusenza katundu wolemera ndi kusambira. Nkhope inabwerera m'malo mwake pang'onopang'ono, chifukwa mtsempha unali utangopanikizidwa, usanaduke. Fungo linatheratu.

Koma khutu lamanja silimva bwino mpaka lero. Kafupa ka pakati kanali katadyeka kale. Usiku wa opaleshoni dokotala anandiuza mawu amene sindidzaiwala: "Bambo, ntchito yathu yoyamba ndi yakuti khutu lisamuphe. Yachiwiri ndi yakuti liume. Kumva kumabwera pachitatu." Nthawi zina amatha kulumikizanso timafupa ndipo kumva kumabwererako, nthawi zina ayi. Amene akukulonjezani kuti opaleshoni idzabweza kumva konse sakunena zoona. Ngakhale opaleshoni ili ndi zoopsa zake: chizungulire cha masiku angapo, kusintha kwa kakomedwe ka chakudya mbali imodzi ya lilime, ndipo mwa apo ndi apo kuvulala kwa mtsempha wa nkhope kapena kufa kwa khutu. Koma taonani, zoopsa zazikuluzo ndi zomwezo zimene matenda amabweretsa okha akasiyidwa, ndipo zimachuluka pamene thumba lakula. Opaleshoni ya thumba laling'ono ndi yosavuta kuposa ya thumba limene ladya fupa zaka 7.

Zimene ena amanena

Ndikudziwa zimene ambiri mukuganiza, chifukwa nanenso ndinkaganiza zomwezo. Choyamba ndi ndalama. Opaleshoni iyi sichitika pachipatala chaching'ono cha pafupi ndi mudzi. Madokotala a makutu amapezeka m'zipatala zazikulu za m'mizinda, monga ku Beira ndi ku Maputo, kapena tsidya linalo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ndi ochepa. Pamafunika ndalama ya galimoto ya anthu awiri, chakudya, pogona, ndipo mwina mubwerera kawiri musanapatsidwe tsiku. Ife tinagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a kachewere amene tinkayembekeza kugulira feteleza. Sindikuchepetsa vuto limeneli. Koma nditawerengera ndalama zimene mlongo wanga anawononga pa zaka 7, za maulendo, mabotolo a pamsika ndi nkhuku za kwa sing'anga, ndinapeza kuti mbuzi zija zinali zitapita kale, kungoti zinapita pang'onopang'ono. Ndipo ulendo umene mwaukonzekera, mutakolola ndi kusonkherana pabanja, ndi wopepuka kuposa ulendo wa usiku ndi mwana amene wakomoka.

Chachiwiri ndi chakuti, "Agogo athu anakhala ndi khutu la mafinya mpaka kukalamba, osafa." N'kutheka ndithu. Mwina linali khutu la bowo lapakati lija. Koma amene anamwalira ali achinyamata ndi mutu waukulu ndi khosi louma sitiwawerenga, chifukwa pamaliro tinati ndi malungo a mu ubongo kapena ufiti, ndipo palibe anakumbukira khutu.

Chachitatu ndi mantha a kugonekedwa, akuti ena sadzuka. Mankhwala ogonetsa ali ndi ngozi yake, koma kwa munthu amene wayezedwa bwino ndipo wabwera akuyenda yekha, ngoziyo ndi yaing'ono. Imakula pamene wodwala wafika atafooka, thupi likutentha, mafinya atalowa kale m'mutu.

Zizindikiro zosagona nazo

Khutu lonunkha losauma limafuna kalata ndi ulendo wokonzekera m'masabata akubwerawa. Koma munthu wa khutu la mafinya akaonetsa chimodzi mwa izi, nyamukani tsiku lomwelo, kaya ndi usiku, kaya ndi Lamulungu:

Kutupa kopweteka kuseri kwa khutu, khutu n'kumaoneka ngati lakankhidwira kutsogolo.

Nkhope kugwa mbali imodzi, diso kukana kutsinzina, kapena madzi kutayika pakamwa.

Chizungulire champhamvu, kusanza kapena kudzandira poyenda.

Mutu wopweteka kwambiri wosamva mankhwala, kutentha thupi, kuuma khosi, kuodzera kwachilendo, kusokonezeka kapena kukomoka.

Khutu limene zaka zonse silinkapweteka kuyamba kupweteka m'kati, makamaka ngati mafinya asiya mwadzidzidzi. Kusiya koteroko nthawi zina kumatanthauza kuti njira yatsekeka ndipo mafinya akufuna kwina kotulukira.

Mukafika, musangonena kuti mwana akutentha thupi. Nenani kuti khutu lake lakhala likutuluka mafinya kwa zaka zakutizakuti. Mawu amenewo angasinthe zonse zimene wazaumoyo achite.

Pempho langa

Kwa makolo ndi eni mbumba: werengani. Khutu likalandira chisamaliro chonse cha masiku 14, kupukuta ndi kudontheza mosadumphitsa, koma likununkhabe kapena layambiranso posakhalitsa, musabwerere kukangotenga botolo lina. Pemphani mwaulemu kuti ayang'ane m'khutu, ndipo funsani kuti bowo lili pati. Ngati pamalopo palibe chida choonera, pemphani kalata yopita kuchipatala chokulirapo. Safunsa anadya phula.

Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Lero tipita mbali ino, mwezi wamawa tsidya lija, kulikonse ndi kabuku kapena kakhadi kake. Wazaumoyo aliyense amaona ngati ndi ulendo woyamba, ndipo amayambiranso pa mankhwala oyamba. Umu ndi mmene mphwanga anatayira zaka. Sungani mapepala onse a mbali zonse ziwiri m'pulasitiki imodzi, ndipo muwaonetse onse. Opaleshoni ikachitika, funsani musanatuluke kuti achita njira iti, mubwerenso liti, ndipo khutu lizikatsukidwa kuti. Matendawa amatha kubwerera ngakhale patapita zaka, makamaka kwa ana, choncho masiku okaonedwanso si ongokongoletsa khadi. Khutu linalo nalonso lizionedwa.

Kwa anzathu ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono: tikudziwa kuti mzere ndi wautali ndipo zida n'zochepa. Koma mwana akabwera kachitatu ndi khutu lomwelo, chonde pukutani ndi kuyang'ana kumwamba kwa nembanemba musanalembe mankhwala. Namwino amene anapulumutsa mphwanga sanachite chozizwitsa. Anangotenga mphindi zochepa ndi katochi.

Kwa aphunzitsi: mwana wonunkha khutu musamukhazike kumbuyo chifukwa anzake akumuseka. Mukhazikeni kutsogolo, khutu lake labwino liloze kwa inu, ndipo itanani makolo ake. Kwa mafumu ndi atsogoleri a mipingo: timadziwa kusonkha msanga pakagwa maliro. Tiyeni tiphunzirenso kusonkha ndalama ya galimoto munthu akadali moyo.

Mphwanga lero ndi mnyamata wamkulu, amalima dimba lake ndipo amapita kukatsukitsa khutu kawiri pachaka. Tikamayenda limodzi amasamukira kudzanja langa lamanja, kuti khutu lake lamanzere likhale pafupi ndi ine. Sadandaula. Koma nthawi iliyonse akatero ndimakumbukira kuti fungo lija ndinkalimva ali ndi zaka 8, ndipo ndinakhutira ndi yankho lakuti sakumva kupweteka. Ngati m'nyumba mwanu muli mtsamiro wa fungo limenelo, musadikire zaka 7 monga tinachitira ife.